Changu chili pa kalenda, osati pakamwa pa bwana

Alamu anga amagwira ntchito mu ofesi ya maakaunti pa kampani ina yopikulitsa katundu ku Limbe. Amanyamuka ku Chirimba kusanache bwino, amatsika m'tauni, n'kukwera minibasi ina yodutsa mu Chipembere Highway, ndipo pofika 8 koloko amakhala ali pampando. Masiku ena amatuluka 7 koloko usiku, alonda atavala kale majekete. Ulesi alibe. Koma Lamlungu lina tikudya nsima anandiuza kuti, "Alamu, ine tsiku lonse ndimakhala ndikuthamanga, koma mutandifunsa kuti ndagwira chiyani, ndilibe choloza." Nthawi imeneyo ntchito yofananitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubanki inali itatsalira miyezi itatu. Mndandanda wa makasitomala angongole sunakhudzidwe chiyambire nyengo yozizira. Ndipo msonkho wa PAYE, umene umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ankaulipira pa 14 pomwepo, madzulo, mtima uli m'mwamba, akupemphera kuti netiweki isagwe.

Anthu ambiri akamva nkhani yotere amathamangira kulangiza munthu kuti azilawirira kapena azilemba ntchito zake papepala. Alamu ankachita zonse ziwiri. Dayale yawo inali yodzaza mpaka m'mphepete. Vuto linali lakuti pamndandanda wautali ntchito iliyonse imaoneka yofanana ndi inzake, choncho imene inkagwiridwa ndi imene mwini wake wafuula kwambiri. Ine ndikuti munthu wothodwa ndi ntchito mu ofesi amafunika zinthu ziwiri zoyendera limodzi: njira yoyezera changu imene siyendera kukweza mawu kwa munthu, ndiponso nthawi yochepa yotchingidwa imene bwana wavomereza ndi pakamwa pake. Chimodzi popanda chinzake ndi kungowononga mapepala, ndipo ndaona anthu ambiri akuwononga.

Njira yoyezerayo ndi yosavuta. Mumatenga pepala n'kujambula mtanda waukulu, kuti likhale ndi zigawo zinayi. Zigawo ziwiri zam'mwamba ndi za ntchito zofunika, ziwiri zam'munsi ndi za zosafunika kwenikweni. Zakumanzere ndi zachangu, zakumanja ndi zosafulumira. Ambiri amautcha mtanda wa Eisenhower, chifukwa mu 1954 pulezidenti wa dziko la America ameneyu, polankhula pa msonkhano wa mipingo mu mzinda wa Evanston, anabwereza mawu a mkulu wina wa koleji akuti mavuto ake anali a mitundu iwiri: achangu, amene si ofunika, ndi ofunika, amene sakhala achangu. Mawuwo ndi okokomeza, chifukwa zilipo ntchito zimene ndi zachangu komanso zofunika, koma fundo yake imagwira. Amene anaufalitsa mtandawu m'maofesi ndi Stephen Covey, wolemba mabuku wa ku America, kuyambira mu 1989.

Alamu atayamba kuugwiritsa ntchito anazipatsa zigawozo mayina awoawo, ndipo ine ndawakonda kuposa manambala. Zofunika ndi zachangu amati moto. Zofunika koma zosafulumira amati munda. Zachangu koma zosafunika kwa iwo amati phokoso. Zotsalazo amati mankhusu.

Dzina la munda ndi limene landigwira mtima, chifukwa aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti mu Seputembala munda suitana munthu. Mapesi ali phee, dzuwa likuswa mtengo, palibe amene angakudzudzule ukakhala pansi pa mango. Koma mvula yoyamba ikagwa usanapange mizere, ntchito yomweyo imene ukanaigwira modekha imasanduka mpanipani, ndipo aganyu amakweza mtengo. Mu ofesi ndi chimodzimodzi. Ntchito sikhala m'chigawo chimodzi mpaka kalekale, imayenda ndi tsiku. PAYE pa 4 ndi munda, pa 13 ndi moto. Moto wambiri umene alamu ankazimitsa usiku unali munda umene anausiya chifukwa chothamangira phokoso.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amatenga pepala, n'kuyamba kuika ntchito m'zigawo motsatira mmene mtima ukugundira. Zotsatira zake n'zakuti pafupifupi zonse zimathera m'chigawo cha moto, ndipo mtandawo umangokhala mndandanda wakale womwe uja. Mtima sungadaliridwe pa nkhani imeneyi. Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2018 ndi Meng Zhu, Yang Yang ndi Christopher Hsee anasonyeza kuti anthu amasankha ntchito imene yapatsidwa nthawi yochepa ngakhale phindu lake lili laling'ono poyerekeza ndi ina imene ilibe mpanipani. Mawu akuti nthawi ikutha amakoka munthu paokha. Ndiye muganize za ofesi ya kwathu kuno, kumene mawuwo akuchokera kwa munthu wamkulu amene waima pakhomo.

Choncho ntchito iliyonse iyenera kufunsidwa mafunso awiri, ndipo mayankho ake alembedwe. Loyamba: ndikapanda kuigwira lero, chichitike n'chiyani, ndipo chichitike liti? Yankho liyenera kukhala ndi tsiku ndiponso chotsatira chooneka, monga chindapusa, galimoto yoima padepoti, kapena antchito osalandira. Ngati yankho ndi lakuti "akwiya", limenelo si tsiku. Lachiwiri: kodi imeneyi ndi ntchito imene anandilembera, imene adzandifunsa maodita akabwera kapena pounika ntchito yanga kumapeto kwa chaka? Funso loyamba limayeza changu, lachiwiri limayeza kufunika.

Tiyeni tione Lolemba lina la pa 6, limene alamu anandionetsa pepala lake. Anali ndi ntchito 16. M'chigawo cha moto munalowa zitatu zokha: kulipira kampani ya mathiraki imene inanena kuti katundu satsika mpaka ndalama zitaoneka, kukonza malipiro a anyamata aganyu amene ankayenera kulandira tsiku lomwelo, ndi kuyankha banki pa fomu imene inabwezedwa chifukwa cha siginecha. M'munda munalowa PAYE, ndalama za penshoni, mabuku a kubanki, ndi kuimbira angongole asanu akuluakulu. Zisanu ndi ziwiri zinali phokoso: wa zogulitsa akufuna amusindikizirenso invoisi imene anataya, dalaivala akufuna ndalama zamafuta za Lachinayi, wina akufuna kuthandizidwa ndi Excel, bwana akufuna koteshoni ya mipando, ndi zina zotero. Ziwiri zinali mankhusu, ndipo imodzi mwa izo inali lipoti la sabata ndi sabata limene ankalikonza kwa mphindi 40 Lolemba lililonse. Atafunsa anapeza kuti amene analiyambitsa anasiya ntchito kalekale ndipo palibe amene ankalitsegula.

PAYE ija ndi imene inawaphunzitsa kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Tsiku la MRA ndi pa 14, koma limenelo si tsiku la alamu. Ndalama zisanatuluke pamafunika anthu awiri osainira, ndipo mmodzi amapita ku Lilongwe kawirikawiri osatsanzika. Pamafunikanso tsiku loti banki ichite zake, ndi tsiku lina losiyira magetsi kapena netiweki. Mukachotsa masiku amenewa, tsiku lenileni la alamu ndi pa 10, ndipo ngati pa 14 pagwa Loweruka kapena Lamlungu, amabwereranso m'mbuyo. VAT, imene tsiku lake ndi pa 25, anaiwerengeranso motero n'kuiika pa 20. Pa kalenda yawo salemba tsiku la boma, amalemba tsiku lawo. Kusintha kwakung'ono kumeneku kunachotsa mausiku awiri a ovataimu yosalipidwa mwezi uliwonse.

Koma kudziwa kuti ntchito ndi ya m'munda sikuigwira. Mlungu woyamba alamu anali ndi pepala lokongola, zigawo zinayi zolembedwa ndi mabolopeni amitundu, ndipo mabuku a kubanki anakhalabe pomwe anali. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Ntchito ya m'munda ilibe munthu woikumbutsa, pamene phokoso lili ndi miyendo, limabwera lokha patebulo n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji, mungandithandizeko pang'ono?" Komanso ntchito ya m'munda nthawi zambiri ndi imene imafuna mutu wonse. Kufananitsa mabuku kumafuna kuti munthu asunge m'mutu manambala angapo nthawi imodzi: ndalama iyi ya pasitetimenti, risiti iyo ya m'fayilo, kusiyana kwa K18,500 kumene sakudziwa kochokera. Wina akangogogoda, zonse zimamwazika. Gloria Mark wa pa yunivesite ya California ku Irvine, amene anatsatira anthu a m'maofesi akugwira ntchito, anapeza kuti munthu akadodometsedwa pamadutsa mphindi zoposa 20 asanabwerere pa ntchito imene anaisiya, ndipo pakatipo amakhala atagwirako zina. Alamu anayesa kuika kachizindikiro papepala nthawi iliyonse imene wina wawadula. Asanapite kukadya masana anali ataika 14. Munthu wotere mphindi 20 zodekha sazipeza n'komwe.

Ndiye mpofunika nthawi yotchingidwa. Ine ndimalimbikira kuti ikhale yochepa: ola limodzi ndi theka, masiku anayi pamlungu. Amenewo ndi maola 6 pa maola 40, gawo laling'ono loti bwana aliyense woganiza bwino sanganene kuti mwasowa mu ofesi. Amene amalangiza maola anayi patsiku sanakhalepo mu ofesi imene munthu mmodzi ndi wa maakaunti, wosunga ndalama zapamanja, komanso wodziwa kukonza pulinta ikameza pepala. Mukayamba ndi mpanda waukulu umagwa tsiku lachiwiri, ndipo ukagwa anthu saulemekezanso.

Alamu anayamba ndi 2 koloko mpaka hafu pasiti 3 masana, poganiza kuti m'mawa amathana ndi anthu kaye. Zinakanika. Nthawi imeneyo mimba ili ndi nsima, kutentha kwa Okutobala kwadzaza m'chipinda, madalaivala akubwera ndi malisiti, ndipo moto uliwonse umene wabuka m'mawa umakhala utakula. Atasamukira m'mawa, 8 koloko mpaka hafu pasiti 9, zinayamba kuyenda. Makasitomala ambiri amakhala asanafike, abwana amakhala akadali pamzere wa magalimoto pa Ginnery Corner kapena pa Chichiri, ndipo mutu umakhala usanadzaze. Lolemba analisiya, chifukwa ndi tsiku la mitingi komanso la mavuto onse amene agona Loweruka ndi Lamlungu. Sindikunena kuti m'mawa ndi wa aliyense. Wa pakauntala ya banki kapena wolandira alendo m'mawa ndi pamene pamakhala chipwirikiti. Muyenera kuona kwa mlungu umodzi kuti chitseko chanu chimagogodedwa mochepa nthawi yanji.

Mkati mwa ola ndi thekalo muli malamulo ochepa, koma ndi olimba. Ntchito imasankhidwa dzulo lake asanaweruke, imodzi yokha, ndipo imalembedwa moti munthu n'kudziwa ngati yatha: "mabuku a kubanki a mwezi wa Julaye, akaunti yaikulu", m'malo mongoti "mabuku". Mafayilo ndi sitetimenti zimagona patebulo. Imelo satsegula mpaka nthawiyo itatha, chifukwa ukangotsegula wapereka m'mawa wako kwa anthu ena. Foni imalowa m'dirowa. Pa kalenda ya Outlook nthawiyo imaoneka kuti Busy, kuti wina asaikepo mitingi. Ndipo pambali pamakhala kapepala kolembapo chilichonse chimene chabwera m'mutu, kaya ndi kugula mayunitsi a magetsi kapena kuimbira wa penshoni, kuti asanyamuke kukachichita. Amasunganso ntchito imodzi ya pamapepala, monga kusanja malisiti a VAT, kuti magetsi akathima jenereta isanalire, nthawiyo isapite pachabe.

Tsopano ndifike pa chimene malangizo ochokera kunja amadumpha. Amakuuzani kuti phunzirani kukana. Amene analemba zimenezo sanaimepo pamaso pa bwana wa ku Limbe, munthu wa msinkhu wa bambo ako, amene mwina ndi amene anakupezera ntchitoyo, n'kumuuza kuti ayi. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akaitana umasiya chimene wagwira. Ulemu umenewu sindikuunyoza, ndipo sindikulangiza aliyense kuti autaye. Koma kutchinga nthawi mobisa, n'kumayembekeza kuti abwana azindikira okha, ndi kudzinamiza. Tsiku loyamba limene adzaitane osayankhidwa adzati mwayamba mwano. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nkhaniyi iyenera kukambidwa poyera, ndipo ikambidwe ngati vuto la bwana, chifukwa ndi lakedi.

Alamu anasankha Lachisanu masana, abwana ali osangalala, n'kulowa ndi pepala m'manja. "Bwana, ndimati ndipempheko nzeru. Mabuku a kubanki atsalira miyezi itatu, ndipo maodita akabwera funso lidzafika kwa inu lisanafike kwa ine. Ndawerengera kuti mwezi uliwonse ukufunika maola asanu. Mutandilola kuti kuyambira 8 koloko mpaka hafu pasiti 9, Lachiwiri mpaka Lachisanu, ndizikhala pa ntchito imeneyi osadodometsedwa, pakutha pa milungu itatu ndikhala nditafika pamzere." Abwana anafunsa funso limene bwana aliyense amafunsa: "Nanga ndikakufunani?" Alamu anali atakonzeka. "Mukandifuna inuyo pa za banki kapena za MRA, imbani pa foni ya patebulo, ndiyankha. Zina zonse ndizibwera ndekha hafu pasiti 9."

Taonani mmene pempholi linamangidwira. Muli vuto limene bwana akuliopa, muli nambala ya maola, muli tsiku lothera, ndipo muli khomo la zadzidzidzi. Khomolo ndi lofunika kwambiri. Mpanda wopanda khomo anthu amaudumpha paliponse, koma ukakhala ndi khomo limodzi lodziwika, munthu amayamba wadzifunsa ngati nkhani yake ndi yoyenera kulowera pamenepo. Pemphonso linali la milungu itatu yoyesera, ndipo bwana savutika kuvomereza chinthu chimene akudziwa kuti angathe kuchithetsa. Milungu itatu itatha palibe amene anakumbukira kuti kunali kuyesa.

Pepala la mtanda lija limathandizanso pamene bwana wabwera ndi ntchito yatsopano pakati pa tsiku. M'malo mokana, kapena kuvomera n'kukagona mu ofesi, alamu amaloza pepala. "Chabwino bwana. Panopa ndagwira malipiro a aganyu, amene akufunika 3 koloko. Pa ziwirizi ndiyambe iti?" Kumeneko si kukana. Ndi kubwezera chisankho kwa mwini wake, amene nthawi zambiri sadziwa zimene zili kale patebulo panu. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Aa, malizani kaye zimenezo, koteshoniyo ndi ya mlungu wamawa." Changu chonse chija chinali cha pakamwa. Bwana akati "mwachangu" nthawi zambiri amatanthauza kuti wakumbukira tsopano ndipo akuopa kuiwala. Funso laulemu lakuti "Mukuifuna pofika liti, bwana?" limachotsa ntchito zambiri m'chigawo cha moto kuposa luso lina lililonse limene ndikulidziwa.

Pali bodza lina limene limabwera ndi mtandawu, ndipo ndiyenera kulitchula. Amati ntchito za chigawo cha phokoso muzipatsa ena. Eisenhower anali mkulu wa asilikali kenako pulezidenti, anthu owatuma anali nawo ankhaninkhani. Alamu pansi pawo pali mesenjala mmodzi amene amatumidwanso ndi ofesi yonse. Munthu wapansi alibe womupatsira, iye ndi amene amapatsidwa. Chimene angachite ndi kuunjika. Ndalama zamafuta ndi zapamanja tsopano zimaperekedwa kawiri patsiku, 10 koloko ndi 3 koloko, ndipo pakhomo pali kapepala konena zimenezo. Imelo ndi WhatsApp ya kuntchito amaziona katatu patsiku. Wa zogulitsa uja anamuonetsa kamodzi mmene angasindikizire invoisi yekha, zinatenga mphindi khumi, ndipo sanabwerenso. Phokoso silinathe, koma m'malo mobwera ka 14 mobalalika limabwera m'mitolo iwiri kapena itatu.

Ena anena kuti zonsezi n'zachizungu, zikupha umunthu mu ofesi. Ndikumva chimene akunena, ndipo alamu anakumana nazo. Mlungu woyamba kunamveka manong'onong'o akuti mayi aja ayamba kudzimva, moni sakuyankha bwino. Mu ofesi ya ku Blantyre mbiri yotere si yoseweretsa, chifukwa mawa udzafuna kuti wa kusitolo akupezere pepala lotayika, ndipo adzakumbukira. Yankho silinali kutsegula chitseko, linali kusintha nthawi ya moni. Amafika mphindi khumi 8 koloko isanakwane, n'kuzungulira ofesi kupereka moni wokwanira, wofunsa za ana ndi za odwala. Hafu pasiti 9 amatulukanso okha n'kufunsa kuti, "Alipo anandifuna?" Anthu ataona kuti nkhani zawo zikuyankhidwa pa nthawi yodziwika, ndipo mofulumira kuposa kale pamene ankangouzidwa kuti "ndikubwera", manong'onong'o anazilala. Moni ine sindiuika m'mankhusu. Maliro a mnzanu wa mu ofesi kapena mwana wodwala ku Queens siziyezedwa ndi mtanda n'komwe: munthu amatseka fayilo n'kunyamuka. Chimene ndaona n'chakuti amene munda wake ndi wolimidwa ndi amene amapita ku maliro mtima uli pansi, osaimbidwa foni ali kumanda kuti msonkho sunalipidwe.

Njira imeneyi ikayamba kufa imaoneka. Chizindikiro choyamba ndi chigawo cha moto kudzaza ntchito zoposa zisanu masiku otsatizana, zimene zikutanthauza kuti mwasiya kufunsa za tsiku ndipo mwabwerera kuyendera mtima. Chachiwiri ndi chobisika kwambiri: nthawi yotchingidwa ilipo, chitseko n'chotseka, koma mkatimo mukuyankha maimelo kapena kukongoletsa lipoti, chifukwa ntchito yeniyeniyo ndi yolemera ndipo mukuiopa. Ikakhala yoopsa choncho ndiye kuti ndi yaikulu kwambiri, iduleni mpaka itsale ya m'mawa umodzi. Chachitatu ndi kupereka nthawiyo nokha, lero chifukwa cha mnzanu wapamtima, mawa chifukwa zingotenga mphindi ziwiri. Alamu amaika chizindikiro pa kalenda tsiku lililonse limene nthawiyo yasungika. Atatu pa anayi amati ndi mlungu wabwino. Akatsika pa awiri kwa milungu iwiri yotsatizana amabwerera kwa abwana kukakumbutsana. Masiku atatu otsiriza a mwezi, pamene malipiro ndi kutseka mabuku zimagwera pamodzi, amauchotsa okha mpandawo, chifukwa kuumirira pamenepo ndi kulimbana ndi mtsinje wosefukira.

Chimene ndimakana ndi mtima wonse ndi nzeru yakuti nthawi yodekhayo muipeze pofika 6 koloko m'mawa kapena potsalira usiku. Alamu anaganizapo zimenezo. Koma munthu wochokera ku Chirimba, Bangwe kapena Machinjiri amene ali ndi ana oti awakonzekeretse kusukulu, ola limenelo alitenga ku tulo kapena ku banja, n'kulipereka kwaulere. Lamulo la ntchito la m'dziko muno la chaka cha 2000 limaika malire a maola 48 pamlungu. Ntchito yofunika kwambiri ya kampani iyenera kugwiridwa m'nthawi imene kampani ikulipira. Mukaigwira m'nthawi yanu mwabisa vuto, ndipo abwana adzaona ngati munthu mmodzi akukwanitsa bwinobwino.

Pamenepa ndi pamene pali malire a mtandawu. Umasanja ntchito, suchepetsa. Alamu atatha mwezi akulemba, anaika maola pambali pa ntchito iliyonse ya moto ndi ya munda, kusiya phokoso ndi mankhusu, n'kuphatikiza. Mlungu wamba unkafuna maola 37 pa 40, mlungu wa kumapeto kwa mwezi unkafuna 52. Palibe pepala limene lingalowetse 52 mu 40. Kale akanati "ntchito yachuluka" abwana akanayankha kuti tonse tatanganidwa. Ulendo uno anapita ndi mapepala anayi a milungu inayi. Munthu wina sanalembedwe, abwana anati ndalama palibe. Koma makoteshoni anabwerera kwa wa zogula, kumene ankayenera kukhala kuyambira kale, ndipo mtsikana wa pakauntala amabwera masiku awiri kumapeto kwa mwezi kudzalowetsa malisiti.

Ndinawafunsa posachedwa kuti zikuyenda bwanji. Mabuku a kubanki anafika pamzere m'milungu inayi, osati itatu imene analonjeza, chifukwa K18,500 ija inadya m'mawa iwiri yathunthu isanapezeke: inali ndalama imene kasitomala wa ku Mulanje anaika ku banki osalemba dzina. Angongole asanu aja atatu analipira, awiri akuzembabe. Lachitatu lapitali nthawi yotchingidwa inapita yonse, chifukwa abwana anaimba pa foni ya patebulo 8 koloko itangodutsa, alamu n'kuthamanga poganiza kuti ndi banki. Anapeza abwana akufuna kuthandizidwa kutumiza zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo pa WhatsApp.